Kulemba kalata yoyamikira mnzanu amene wakwezedwa pa mpando umene nanunso munkaufuna

Mnzathu wa kuntchito akakwezedwa, ambiri a ife timatenga foni n'kulemba mawu awiri kapena atatu pa gulu la WhatsApp, nkhani n'kuthera pomwepo. Ngati wakwezedwayo ndi wa ofesi ina, amene timangopatsana naye moni pakhonde, mawu ochepawo amakwanira. Zimavuta pamene wakwezedwayo ndi munthu amene takhala naye m'chipinda chimodzi kwa zaka zambiri, makamaka ngati nafenso tinafunsira mpando womwewo, tinakhala naye pa benchi imodzi podikira kuitanidwa ku intavyu, koma kalata n'kubwera m'dzina lake. Pamenepo aliyense pantchitopo amadziwa kuti ife tagwa iye wakhoza, ndipo mawu alionse amene tingalembe amawerengedwa kawiri, koyamba pofuna kumva zimene tanena, kachiwiri pofuna kuona ngati mtima wathu uli bwino. Nkhani yanga ndi ya kalata imeneyi, chifukwa ndi yovuta kuposa zina zonse, ndipo amene wadziwa kuilemba sangavutike ndi zotsalazo.

Kuno ku Zomba nkhaniyi imatikhudza pafupipafupi. Ngakhale likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, mzindawu udakali wa anthu olembedwa ntchito m'mabungwe a boma. Kuli yunivesite ku Chirunga, bungwe loyendetsa mayeso la MANEB, ofesi ya kalembera ndi ziwerengero ya NSO, chipatala chachikulu, asilikali a ku Cobbe, apolisi, a ndende, ndiponso aphunzitsi ambirimbiri kuyambira m'tauni mpaka ku Domasi. Malo onsewa amayendera magiredi, ndipo mipando yapamwamba imakhala yochepa poyerekeza ndi anthu oiyenera, choncho wina akakwera pamakhala ena angapo amene atsala. Komanso mzindawu ndi waung'ono. Munthu amene mwamulembera kalata Lachitatu mukumana naye pamsika Loweruka, mukhala naye pamaliro ku Matawale, ndipo mwina akazi anu ndi akazi ake ali mu kwaya imodzi. Kalata yanu ikafika kunyumba kwake idzawerengedwa ndi a m'banja mwake, ndipo iwo adzaiyerekeza ndi nkhope imene mumaonetsa mukakumana nawo pamsewu.

Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndimaikhulupirira ndi mtima wonse: kalata yoyamikira imamveka yochokera pansi pa mtima ngati muli chinthu chimodzi chenicheni chimene inu munaona mnzanuyo akuchita, chimene chikusonyeza kuti mpandowo ukumuyenera. Mawu osonyeza chimwemwe aliyense angathe kuwalemba, ngakhale munthu amene usiku sanagone chifukwa cha kaduka, ndipo wolandira kalata amadziwa zimenezi. Chimene wakaduka sangathe kuchita ndi kukhala pansi n'kukumbukira ntchito yabwino ya mnzakeyo, kuitchula bwinobwino, n'kuvomera kuti inali yabwinodi. N'chifukwa chake chiganizo chimodzi chofotokoza zimene munaona chimalemera kuposa ndime yonse yodzaza ndi mawu otamanda.

Ndifotokoze ndi nkhani ya mphunzitsi mnzanga wa pa sukulu ina ya pulayimale cha ku Chinamwali, amene anabwera kwa ine ndi pepala atasowa pogwira. Iye ndi mayi wina wa pa sukulu yomweyo onse anali pa giredi ya uphunzitsi ya PT3, ndipo onse anaitanidwa ku intavyu yokwezedwa kupita pa giredi ya PT2. Mayiyo, amene anabwera pa sukulupo mnzangayu atakhalapo kale zaka zingapo, anakhoza, ndipo posakhalitsa anapatsidwanso udindo wa wachiwiri kwa ahedi. Mnzangayu sanali munthu woipa mtima. Anali wokhumudwa, monga aliyense angakhumudwire, koma ankafunitsitsa kuti ubale wawo usawonongeke, chifukwa kuyambira Lolemba lotsatira mayiyo ndi amene azisainira masikimu ndi malesoni pulani ake. Kalata imene analemba poyamba inali yotere:

"Okondedwa Madamu, ndalemba kalatayi pofuna kukuthokozani ndi kukufunirani mafuno abwino chifukwa cha kukwezedwa kwanu pa udindo wa wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu. Ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti mugwira ntchito yanu mokhulupirika ndi modzipereka potukula maphunziro pa sukulu yathu ino. Ine wanu pa ntchito."

M'kalatayi mulibe mawu achipongwe ngakhale amodzi, koma mayiyo akanaiwerenga akanamva kuzizira. Chifukwa chake n'chakuti mulibe chilichonse chosonyeza kuti olemba ndi olandira amadziwana. Mutafufuta udindowo n'kulembapo wa sajeni wa polisi kapena wa namwino wamkulu, kalatayo ingagwirebe ntchito. Ili ngati jekete yobwereka, imene aliyense angathe kuivala koma siikhala bwino pa munthu aliyense. Kalembedwe kotere tinakaphunzira polemba makalata ofunsira ntchito ndi opempha tchuthi, ndipo timathawirako tikafuna kubisala. Munthu amene mwadya naye chinangwa mu sitafurumu kwa zaka zambiri akalandira kalata yotere amazindikira kuti mwaika tebulo pakati pa inu ndi iye, ndipo amaganiza kuti mwakwiya. Taonaninso chiganizo chachiwiricho. Kunena kuti mukukhulupirira kuti munthu agwira ntchito mokhulupirika ndi mawu oyenera kuchokera kwa bwana kupita kwa wantchito wake, ndipo akachokera kwa amene wagwa intavyu amamveka ngati chenjezo lakuti tikhala tikukuonani.

Njira yosavuta yoyesera ngati kalata yauma ndi kuiwerenga mokweza, n'kudzifunsa ngati mungalankhule choncho mutakumana ndi munthuyo pakhomo la ofesi. Palibe amene amaima pamaso pa mnzake n'kunena kuti "ndili ndi chikhulupiriro chonse". Ulemu wa chilankhulo chathu uli kale m'mawu akuti "inu" ndi "mwa-", ndipo sufunika kuwonjezeredwa ndi ziganizo za m'makalata a boma.

Mnzangayu atamva zimenezi anayesa kufewetsa kalata, ndipo anagwera mbali inayo, imene ndi yoopsa kwambiri. Analemba kuti:

"Madamu, zanu zayera! Ena timangoperekeza ku maintavyu, koma inu muli ndi mwayi. Tsopano ndinu mabwana, musatiiwale ife a pansi pano. Paja ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame."

Mawu ngati amenewa timawamva tsiku ndi tsiku, ndipo akamanenedwa pakamwa, anthu akuseka, nthawi zina sapweteka. Papepala kapena pafoni kuseka kuja sikumveka, amatsala ndi mawu okha, ndipo m'mizere inayi yokhayi nsanje yatulukira pa zitseko zingapo. Chitseko choyamba ndi mwayi. Mukauza munthu kuti ali ndi mwayi mwamulanda ntchito yake yonse, chifukwa mwanena kuti chimene chamukweza si khama lake kapena luso lake. Mawu akuti "zanu zayera" ali m'gulu lomwelo, limodzi ndi "mwadziwa pogwira" ndi "mwadya bwino", ndipo awiri omalizawa amafika mpaka ponena kuti pali njira ina yamseri imene inayendedwa. Kwa mayi, mawu otere amapweteka mowirikiza, chifukwa amayi ambiri akakwezedwa amadziwa kale kuti pali ena akunong'ona zonyansa za mmene apezera mpandowo.

Chitseko chachiwiri ndi kudzilowetsa m'nkhani. Kalatayi imayenera kukhala ya mayiyo, koma mnzangayu anadziika pakati pake monga woperekeza ndiponso wa pansi. Wolandira kalata yotere sangathenso kusangalala momasuka, chifukwa mwamusenzetsa ntchito yokutonthozani. Ayenera kuyankha kuti "ayi, nanunso nthawi yanu ikwana", ndipo tsiku lake lachimwemwe lasanduka tsiku lopepesa. Mawu akuti "musatiiwale" nawonso ali ndi minga iwiri. Amamuneneza munthu mlandu wa kunyada asanaupalamule, ndiponso amamveka ngati mwayamba kale kupempha kuti adzakukondereni pogawa makalasi kapena posankha opita ku misonkhano ya maalawansi.

Za miyambi ndinenepo pang'ono, chifukwa timaikonda ndipo timaganiza kuti imakometsa kalata. Miyambi yambiri imene imabwera m'mutu munthu akakwezedwa ndi yochenjeza. Wa njovu uja umatanthauza kuti usadzikuze. Wakuti mutu ukakula sulewa nkhonya umamuuza kuti akonzekere mavuto. Ngakhale wakuti kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa, umene umaoneka ngati wotamanda, umamuyesa mnzanuyo kambalame kakang'ono kamene kapeza chinthu choposa msinkhu wake. Malangizo otere ali ndi eni ake, monga amalume, abusa, ashehe kapena ahedi opuma pantchito amene anamuphunzitsa ntchito. Mnzake amene anapikisana naye alibe malo olangizira pa tsiku limeneli, ndipo ine ndimaona kuti ndi bwino kusiyiratu miyambi m'kalata yotere.

Pali chitseko china chimene mnzangayu sanatsegule koma ambiri amatsegula, ndicho kutchula zimene zimabwera ndi mpando: malipiro, nyumba ya pa sukulu, ofesi yakeyake, kapena galimoto kwa amene ali m'maudindo akuluakulu. Mukatchula zimenezi mwaulula kuti mwakhala mukuwerengera zimene mnzanuyo wapeza, ndipo munthu amawerengera zimene iye akuzilakalaka. Komanso nthawi zambiri mumakhala mukunena zinthu zimene sizinafike. M'ntchito za boma malipiro a giredi yatsopano amatha kutenga miyezi asanayambe kuoneka, ndipo kukwezedwa kwina kumabwera ndi kusamutsidwa kupita ku sukulu yakutali, kumene banja liyenera kukayamba moyo watsopano. Wokwezedwayo angakhale ali ndi nkhawa zimene inu simukuziona, ndipo nthabwala za ndalama zimamugwera pamtima moipa.

Titachotsa zonsezi pepala linatsala loyera, ndipo apa ndi pamene ntchito yeniyeni inayambira. Ndinamufunsa mnzangayu kuti andiuze zinthu zimene anaonapo mayiyo akuchita, zimene iye mwini anaziyamikira mumtima pa nthawiyo, nkhani ya intavyu isanabwere n'komwe. Poyamba anangonena kuti ndi wolimbikira ntchito ndiponso wodzichepetsa. Mawu amenewa ndi oona, koma anganenedwe za mphunzitsi aliyense pa mwambo wotsanzikana, choncho ndinamupempha kuti anene tsiku, malo ndi chimene chinachitika. Atakhala chete kwa kanthawi anakumbukira zitatu. Mwana wa mnzangayu atagonekedwa m'chipatala, mayiyo anamugwirira kalasi yake ya Sitandade 6 kwa sabata yonse osadandaula. Chachiwiri, mayiyo ankatsalira masana kuphunzitsa ana a Sitandade 3 amene sankatha kuwerenga, pogwiritsa ntchito makadi a maphatikizo amene ankadula yekha ku makatoni. Chachitatu, teremu ina amene anali wachiwiri kwa ahedi atadwala, mayiyo ndi amene anakonza thaimutebulo ya sukulu yonse, ndipo anaikonza moganizira aphunzitsi ochokera kutali, pamene iye mwini anadzipatsa mapiriyodi omaliza a Lachisanu amene aliyense amawathawa.

Kusankha pakati pa zitatuzi kumafuna kuganiza. Choyamba chija ndi chokhudza mtima, koma chimasandutsa kalata yoyamikira kukhala kalata yothokoza, ndipo chimabwezera nkhani kwa wolemba ndi mavuto a m'banja mwake. Chimangosonyeza kuti mayiyo ndi wachifundo, pamene funso limene lili m'mitima ya anthu pa sukulupo ndi lakuti kodi mpandowo ukumuyenera. Chachiwiri chimasonyeza kuti ndi mphunzitsi wabwino wa m'kalasi, ndipo munthu wofuna kupotoza angamve ngati mukunena kuti akanangokhala m'kalasi momwemo. Chachitatu ndi chimene tinatenga, chifukwa ndi ntchito yeniyeni ya udindo umene wapatsidwa. Wachiwiri kwa ahedi amakonza thaimutebulo, amagawa ntchito, amaona masikimu, ndipo chimene aphunzitsi amaopa kwambiri mwa munthu wa udindo umenewu ndi kukondera. Potchula nkhani ya thaimutebulo, mnzangayu ankanena kuti anamuonapo kale mayiyo akugwira ntchito imeneyi mwachilungamo. Umenewu ndi umboni, ndipo umboni wochokera kwa munthu amene ankafuna mpando womwewo ndi wamtengo wapatali kuposa wa wina aliyense pa sukulupo.

Njira yomweyi imagwira ntchito kwina kulikonse, bola musankhe chinthu chogwirizana ndi mpando watsopanowo. Kwa mphunzitsi wa ku yunivesite amene wakwezedwa chifukwa cha kafukufuku wake, tchulani nkhani imene analemba imene inu munaiwerengadi, ndi mfundo imene munatolamo. Kwa namwino amene wapatsidwa wodi kuti aziyang'anira, tchulani usiku umene munamuona akugawa ntchito modekha odwala atachuluka. Ngati simunaiwerenge nkhaniyo kapena simunalipo usikuwo, musayerekeze, chifukwa mwini wake amadziwa bwino amene analipo.

Kalata imene mnzangayu anapereka inali iyi:

"Achemwali, ndamva kuti mwakwezedwa kufika pa PT2 ndiponso kuti ndinu wachiwiri kwa ahedi athu. Ndakondwera nanu, ndipo ndikukuyamikirani kwambiri. Nditamva nkhaniyi ndinakumbukira teremu ija munakonza thaimutebulo ya sukulu yonse, mmene munaganizira anzathu ochokera kutali, inu n'kudzitengera mapiriyodi omaliza a Lachisanu. Tonse tinaona chilungamo chanu, ndipo ntchito imeneyi mukuidziwa kale. Tinali limodzi ku intavyu ija, ndipo ndikufuna mudziwe kuchokera kwa ine mwini kuti mpandowu ukukuyenerani. Za zamasewero ndi mayeso a Sitandade 6 musade nazo nkhawa, ndipitiriza kuziyendetsa monga kale, ndipo pamene mwandifuna mundiitane. Mulungu akutsogolereni."

Kalatayi ndi yaifupi, yosafika mawu 100, ndipo ndi mulingo wabwino. Ikatalika kuposa pamenepa, wolemba amayamba kubwereza matamando, ndipo kutamanda kopitirira muyeso kumakayikitsa mofanana ndi kuuma. Munthu amene dzulo munkangopatsana naye moni wamba mukamuuza lero kuti palibe wina wofanana naye m'boma lonse la Zomba, amayamba kudzifunsa chimene mukufuna kwa iye kapena chimene mukubisa.

Chiganizo chonena za intavyu ndi chimene tinakambirana nthawi yaitali, ndipo owerenga ena angatsutsane nane. Ena amati ndi bwino osaitchula n'komwe. Ine ndimaona kuti zimadalira ngati mnzanuyo akudziwa kuti munafunsira nawo. Ngati sakudziwa, musamuuze m'kalatayi, chifukwa mungomupatsa katundu amene analibe. Koma ngati munakwera minibasi imodzi popita ku intavyuko, kukhala chete kumasiya chinthu chachikulu pakati panu chimene nonse mukuchiona koma palibe akuchitchula, ndipo mnzanuyo amayamba kukuzembani poopa kukupwetekani. Chiganizo chimodzi chimachotsa mantha amenewa. Chikhale chimodzi chokha, chibwere pambuyo pa kuyamikira, ndipo chithere pa iye. Taonani kuti mnzangayu sanalembe kuti wakhumudwa, sanalembe kuti mwina ulendo wina zidzamuyendera, ndiponso sananame kuti iye sankaufuna mpandowo. Bodza lomalizali ndi lofala kwambiri. Munthu amalemba kuti "ine ndinangopita kukayesa chabe", poganiza kuti akupeputsa zinthu, koma kwenikweni akuchepetsa chimene mnzake wapambana, ngati kuti wapambana pa mpikisano umene ena sanaikepo mtima.

Mawu akuti "ndakondwera nanu" anamuvuta mnzangayu, chifukwa ankaona ngati akunama. Ndinamuuza kuti munthu angathe kukhumudwa chifukwa cha iye mwini, n'kukondweranso kuti ntchito yabwino ya mnzake yaonedwa, ndipo zonse ziwirizi zingakhale zoona tsiku limodzi. Kalata imanyamula chachiwiricho, choyambacho n'kukakambidwa kunyumba kapena ndi bwenzi lapamtima la kunja kwa ntchito. Komabe, ngati mawu amenewa akukanirani pakhosi, achotseni. Kunena kuti "ndikukuyamikirani" ndi kufotokoza zimene munaona n'kokwanira, ndipo ndi bwino kulemba zochepa zoona kusiyana ndi kukakamiza chimwemwe chimene nkhope yanu idzachitsutsa mawa m'mawa.

Lonjezo la chithandizo nalonso liyenera kukhala lenileni. Mawu akuti "tili pambuyo panu" amalembedwa ndi aliyense. Mnzangayu anatchula ntchito ziwiri zimene anali nazo kale, zamasewero ndi mayeso a kalasi yake, n'kulonjeza kuti sazitaya. Izi zinali zofunika chifukwa chimene wokwezedwa amaopa kwambiri kwa mnzake amene wagwa ndi kunyanyala kwa mwakachetechete, monga kubwera mochedwa, kukana maudindo ang'onoang'ono, ndi kukhala duu pa msonkhano wa aphunzitsi. Koma samalani kuti lonjezolo lisamveke ngati mukudzipereka kukhala mlangizi wake. Mnzangayu, pokhala kuti anayamba ntchito kale kuposa mayiyo, ankafuna kulemba kuti akakumana ndi zovuta azibwera kudzafunsa nzeru. Tinachotsa, chifukwa zikanamveka ngati akumukumbutsa kuti ndi mwana pantchito. Pa chifukwa chomwecho tinachotsanso chiganizo chokumbutsa mmene anamulandirira tsiku limene anafika pa sukulupo asakudziwa kalikonse.

Nkhani ya kaitanidwe ndi yaing'ono koma imaulula zambiri. Mnzangayu nthawi zonse ankamuitana mayiyo kuti "achemwali" akakhala awiri, ndipo "madamu" pamaso pa ana. M'kalata tinasunga "achemwali", chifukwa kusintha mwadzidzidzi n'kuyamba kulemba kuti "bwana" kumamveka ngati kunyogodola, kapena ngati mwalengeza kuti ubale watha. Lembani monga mumamuitanira masiku onse, kaya ndi "achimwene", kaya ndi dzina la mfunda, kaya ndi "che" kutsogolo kwa dzina monga tichitira ndi anzathu achiyao. Udindo watsopanowo mudzautchula pa msonkhano ndi pamaso pa makolo, kumene ukufunikadi ulemu wake. Za Mulungu, kuno tili Akhristu ndi Asilamu m'maofesi amodzi, ndipo mawu akuti "Mulungu akutsogolereni" amalandiridwa ndi onse. Vesi la m'Baibulo lisungireni munthu amene mukudziwa kuti mumapemphera naye mofanana. Pewaninso kulemba kuti zonsezi ndi chisomo chabe. Mwini wake ali ndi ufulu wonena choncho modzichepetsa, koma zikachokera kwa inu zimafanana ndi nkhani ya mwayi ija.

Pa za nthawi, dikirani kufikira nkhaniyo italengezedwa ndi akuluakulu kapena mwini wake ataonetsa kalata. Mphekesera za kukwezedwa zimayenda msanga kuposa makalata, ndipo kuyamikira munthu pa chinthu chimene sichinatsimikizike kungamuchititse manyazi aakulu zikasintha. Onetsetsaninso ngati wapatsidwa mpandowo kapena akungogwirizira, kuti mutchule udindo wolondola. Zikatsimikizika, musapitirire masiku awiri kapena atatu. Amene wagwa intavyu akakhala chete sabata yathunthu, anthu amakhala atamasulira kale kukhala chete kwakeko, ndipo kalata yobwera mochedwa imaoneka ngati yokakamizidwa. Ngati tsiku loyamba mtima ukuwawa kwambiri, lembani usiku womwewo koma musatumize. Muwerengenso m'mawa, ndipo mudzaona nokha mawu amene analowa chifukwa cha ululu.

Pa gulu la WhatsApp la kuntchito lembanipo mzere umodzi waufupi monga achitira ena onse, chifukwa dzina lanu likasowa pamenepo anthu adzaona. Kalata yeniyeniyo ipite kwa mwini wake yekha. Mukaiika pagulu imasanduka chionetsero chakuti anthu aone kuti mulibe nsanje, ndipo mnzanuyo amakakamizika kuyankha pamaso pa onse. Mnzangayu analemba pamanja, pa pepala loyera, n'kuika mu envulopu, ndipo anapereka yekha pa nthawi yopuma popanda mwambo uliwonse. Ine ndimakonda njira imeneyi pa nkhani yovuta ngati iyi, chifukwa zolemba pamanja zimasonyeza kuti munthu anakhala pansi n'kuganiza, ndiponso sizitumizidwa kwa ena mosavuta ngati uthenga wa pafoni. Pali chinthu chimodzi choti bambo aganizire polembera mayi, kapena mayi polembera bambo: kalatayo ikhale yoti mwamuna kapena mkazi wa mnzanuyo angaiwerenge osapezamo chokayikitsa. N'chifukwa chake iyenera kukamba za ntchito, osati za maonekedwe kapena za mmene mumamukondera munthuyo.

Patsala funso limene ena ali nalo mumtima: nanga ngati mukukhulupirira kuti kukwezedwako sikunayende mwachilungamo, kapena mwafufuza m'mutu mwanu osapeza chabwino chilichonse chimene munaona? Choyamba, fufuzaninso mofatsa, chifukwa mtima ukamawawa umabisa zabwino za anthu, ndipo kawirikawiri munthu amene mwagwira naye ntchito zaka zambiri amakhala ndi kanthu kena kamene amachita bwino, ngakhale kusunga nthawi kapena kusamala marejisitala. Ngati mwalepheradi, musapeke. Lembani mizere iwiri yaulemu, yonena kuti mwamva za udindo wake watsopano, mukumufunira zabwino, ndipo mugwira naye ntchito mogwirizana. Mawu amenewa ndi oona malinga ngati mukufunadi kuwasunga. Dandaulo lanu lili ndi njira yake, kudzera kwa akuluakulu a pantchito, ku bungwe limene linachititsa intavyu, kapena ku bungwe loimira ogwira ntchito, ndipo ngati muli ndi umboni muli ndi ufulu woyenda njira imeneyo. Dandaulolo lisalowe m'kalata yoyamikira ngakhale mwa mawu amodzi ozembaitsa, chifukwa wokwezedwayo si amene anadzisankha, ndipo mawu olembedwa amasungidwa n'kudzatulutsidwa tsiku limene simukuyembekezera.

Mukapereka kalata musadikire yankho lalitali, ndipo musafunse ngati yawerengedwa. Masiku oyamba a udindo watsopano amakhala odzaza, ndipo ena amasowa chonena akalandira mawu abwino kuchokera kwa munthu amene ankamuopa kuti wakwiya. Mayi uja anangomugwira chanza mnzangayu n'kunena kuti zikomo achimwene. Sabata yotsatira mnzangayu anapereka masikimu ake pa tsiku loikika, ndipo pa msonkhano wa aphunzitsi anamutchula mayiyo ndi udindo wake pamaso pa onse, monga ankachitira ndi amene analipo kale pa mpandowo.